Kuwombera ndi masamu: pamene kuphonya pang'ono kumasanduka madigiri chikwi

Aliyense amene anagwirapo chitsulo chomwe nsonga yake ili pamoto amadziwa kuti kutentha sikufika kudzanja konse kwathunthu. Pafupi ndi moto chitsulocho chimawotcha, pakatikati chimangofunda, ndipo kumapeto munthu amagwira popanda chofundira. Kutentha kumayenda m'chitsulomo uku kukuthawira mumpweya. Injiniya amene akupanga zoziziritsira injini kapena zoziziritsira thiransifoma sangadalire dzanja, amafuna manambala: pa sentimita iliyonse ya chitsulocho, kutentha kuli madigiri angati?

Funso limeneli lili m'gulu la mafunso amene akatswiri a masamu amawadziwa bwino chifukwa cha kapangidwe kake. Lamulo la mmene zinthu zikusinthira limadziwika, koma mfundo zotsimikizika zili kumapeto awiri otalikirana, imodzi uku, ina uko. Mtanda wa mlatho uli choncho, pakuti umatsamira pazipilala ziwiri. Chombo cha m'mlengalenga chilinso choncho: pamene chikunyamukira pakudziwika, pamene chiyenera kukafika pakudziwikanso, koma liwiro ndi mbali yonyamukira ndizo zikufunidwa.

Vuto lagona pakuti kompyuta imakonda kuyenda kuchokera mbali imodzi. Njira zimene Carl Runge mu 1895 ndi Wilhelm Kutta mu 1901 anakonza ku Germany zimagwira ntchito ngati munthu wapereka zonse zapachiyambi. Ukaipatsa kompyuta kutentha kwa pansonga, n'kuiuzanso kuti kukutsika mofulumira bwanji pamenepo, imasuntha pang'ono, n'kuwerengera, n'kusunthanso, mpaka kukafika kumapeto. Koma pa funso lathuli nambala yachiwiriyo palibe. M'malo mwake pali nambala ya kutsidya, kumene kompyuta sinafikeko.

Njira yowombera imati: palibe kanthu, ingoyerekezani. Sankhani nambala iliyonse ya katsikidwe kapachiyambi, muilole kompyuta iyende, muone kumene yakafika. Ngati yapitirira, sinthani. Ngati yaperewera, sinthaninso. Mnyamata wa legeni amene akugenda mango amachita zomwezo, mwala woyamba ukadutsa pamwamba amatsitsa dzanja, ukadutsa pansi amakweza pang'ono.

Titenge chitsulo chenicheni, chonga chija amisiri amaika m'konkire, chonenepa mamilimita 10. Nsonga imodzi yatenthedwa mpaka kuposa mpweya wozungulira ndi madigiri 100. Nsonga inayo yamizidwa m'madzi amene kutentha kwake n'kofanana ndi mpweyawo, choncho kumeneko kusiyana kwake ndi 0. Pa chitsulo chotere, mumpweya wopanda mphepo, lamulo la kutentha limalembedwa pafupifupi chonchi:

```
T'' = 0.01 T
```

T ndi madigiri amene chitsulo chaposa nawo mpweya, ndipo mtunda ukuyezedwa m'masentimita. M'mawu wamba lamuloli likuti pamene chitsulo chatentha kwambiri m'pamenenso chikutaya kutentha kochuluka, ndiye katsikidwe kamasintha kwambiri pamenepo.

Chitsulocho chikhale chachifupi kaye, masentimita 20. Kuwombera koyamba: tiyerekeze kuti pansonga yotentha kutentha kukutsika madigiri 5 pa sentimita. Kompyuta ikayenda mpaka kumapeto imapeza madigiri 194.9, pamene pamafunika 0. Tapitirira kwambiri. Kuwombera kwachiwiri: madigiri 15 pa sentimita. Tsopano kumapeto kwatuluka madigiri 167.8 pansi pa 0. Yankho lili pakati pa 5 ndi 15, ndipo sitifunika kulisakasaka mwachimbulimbuli. Kusintha kwa 10 pachiyambi kwasuntha mapeto ndi madigiri 362.7, kutanthauza madigiri 36.27 pa 1 aliyense. Kuti tichotse 194.9 uja tiyenera kuwonjezera 5.37 pa 5. Yankho ndi madigiri 10.37 pa sentimita, ndipo kuwombera kwachitatu kumagwera pa 0 penipeni.

Kuwombera kuwiri kwakwanira chifukwa lamuloli ndi lowongoka: ukawirikiza kusintha kwapachiyambi, kusintha kwa kumapeto nakonso kumawirikiza. Malamulo ambiri a m'chilengedwe sali choncho, ndipo pa amenewo kuwerengera komweku kumabwerezedwa kangapo, kuwombera kulikonse kukukonza kwam'mbuyo. Ambiri amagwiritsa ntchito njira ya Newton, imene imafunsa funso lomwelo nthawi iliyonse: ndikasuntha chiyambi pang'ono, mapeto asuntha motani?

Mpaka apa njirayi ndi yosiririka. Ndi yosavuta kulemba, sidya malo ambiri m'kompyuta, ndipo imabwereka mapulogalamu oyenda kuchokera mbali imodzi amene anayesedwa kale n'kupezeka odalirika. N'chifukwa chake mabuku ambiri amayambira pa iyo.

Tsopano chitsulo chomwecho chitalike, chikhale mita imodzi. Yankho loona la katsikidwe kapachiyambi ndi madigiri 10 pa sentimita, kuphatikizapo kanambala kakang'ono kosaoneka ndi maso. Munthu wina wayerekeza 9.99. Aliyense anganene kuti walasa. Koma kompyuta ikafika kumapeto imanena kuti nsonga yomizidwa m'madzi ija yatentha madigiri 1,101. Akayesa 10.01 imanena kuti yazizira madigiri 1,101 pansi pa mpweya, chinthu chosatheka n'komwe, pakuti palibe chinthu chimene chingazizire kupitirira madigiri 273 pansi pa pamene madzi amaundana. Kuphonya kwa 0.01 pachiyambi kwabala madigiri opitirira chikwi kumapeto.

Chachitika n'chiyani? Lamulo lija lili ndi mayankho a mitundu iwiri amene amakhalira limodzi. Mtundu woyamba umachepa ukamapita kutsogolo: pa masentimita 23 aliwonse umatsika kakhumi. Umenewu ndiwo chitsulo chenicheni chimatsatira, madigiri 100 pansonga, 10 pa masentimita 23, digiri imodzi pa masentimita 46. Mtundu wachiwiri ndi wotsutsana nawo: pa masentimita 23 aliwonse umakula kakhumi. M'chitsulo chenicheni mtundu wachiwiriwu umakhala utamangidwa ndi madzi aja a kumapeto. Koma kompyuta yowombera siona madziwo mpaka itafika. Kuphonya kulikonse kwapachiyambi, ngakhale kochepa chotani, kumalowetsa kachidutswa ka mtundu wachiwiriwo, ndipo kachidutswako kamakula kakhumi, kakhuminso, kakhuminso, pamene yankho lofunidwalo likuchepera. Pakapita kanthawi chimene kompyuta ikujambula si chitsulonso ayi, ndi cholakwika chokhachokha.

Pa mita imodzi zinthu zikhoza kupulumutsidwabe, pakuti lamuloli ndi lowongoka ndipo kompyuta ili ndi madijiti okwanira. Pa mamita anayi palibenso chipulumutso. Makompyuta ambiri amasunga nambala ndi madijiti pafupifupi 16, koma masentimita 400 ali ndi magawo oposa 17 a masentimita 23, ndipo gawo lililonse limadya dijiti imodzi. Tengani manambala awiri oyandikana kwambiri ndi 10 amene kompyuta ingathe kuwasiyanitsa, oti pakati pawo palibenso nambala ina imene ingasunge. Mukawombera ndi awiriwo, mapeto amasiyana ndi madigiri pafupifupi 2,000. Nambala yoyenera ilipo m'masamu, koma m'kompyutamo mulibe. Woyerekeza akhale katswiri chotani, sangailembe.

Apa m'pamene ophunzira ambiri amasokonekera, n'kuyamba kunena kuti funsolo ndi lovuta. Funsolo ndi lofatsa zedi. Chitsulo cha mamita anayi sichichita zodabwitsa: mukawonjezera digiri imodzi pansonga, palibe malo m'chitsulomo amene angasinthe kuposa digiri imodziyo. Chimene chadwala ndi njirayo, imene yasandutsa funso la mbali ziwiri kukhala la mbali imodzi, n'kumasula chinthu chimene mbali yachiwiriyo inkachigwira. Kusiyanitsa ziwirizi, funso lodwala ndi njira yodwala, ndiko theka la luso lonse pa nkhaniyi.

Pali kachenjerero kamene kamathandiza nthawi zina, kowombera chobwerera. Pa chitsulo chathuchi, mukayambira kumadzi kuja n'kumalowera kumoto, yankho lofunidwa ndilo limakula, choncho zolakwika sizingalipose. Koma kachenjereroka sikapita patali. Ikani moto kunsonga zonse ziwiri, ndipo kulikonse kumene mungayambire mupeza kuti mukutsata yankho lochepa pakati pa cholakwika chokula.

Malamulo osawongoka amawonjezera tsoka lina. Pali funso lodziwika bwino lotchedwa ndi dzina la B. A. Troesch, amene analembapo za ilo mu 1976. Linachokera pa kafukufuku wa mmene angatsekerere mpweya wotentha kwambiri wotchedwa pulazima, ndipo limalembedwa mwachidule chonchi:

```
y'' = 5 sinh(5y),   y(0) = 0,   y(1) = 1
```

Ulendo wake ndi wochokera pa 0 kukafika pa 1 pa mtunda wa 1, choncho munthu wanzeru zake angayambe ndi kuyerekeza kuti kakweredwe kapachiyambi ndi 1. Akawombera choncho, manambala amakwera mopanda malire asanafike ndi pakati pomwe, kompyuta n'kuima kapena kulemba `inf` kapena `nan`. Palibe kuphonya kumene angayeze, chifukwa chipolopolocho sichinafike n'komwe kutsidya. Kuti chifike, nambala yapachiyambi iyenera kuchepera pafupifupi 0.054, ndipo yankho loona ndi 0.04575. Mukasintha 5 uja kukhala 10, khomo limapanikizika koopsa: yankho ndi pafupifupi 0.000358, ndipo nambala yongoposa pang'ono 0.00036 imaphulika isanafike. Njira ya Newton imafuna kuti munthu ayambire pafupi ndi yankho, koma apa kuti uyambire pafupi uyenera kukhala utalidziwa kale.

Ndiye munthu angadziwe bwanji kuti wafika pamalo otere? Kuyesa kwake n'kotsika mtengo. Wombera kawiri ndi manambala osiyana pang'ono kwambiri, uone kuti mapeto asiyana motani, kenako ugawe kusiyana kwa kumapeto ndi kusiyana kwapachiyambi. Pa chitsulo cha masentimita 20 zimatuluka 36, zimene sizidetsa nkhawa. Pa mita imodzi zimatuluka zoposa 110,000, ndipo madijiti asanu apita. Pa mamita awiri zimapitirira mabiliyoni awiri. Pamenepo munthu awerengere madijiti amene atsala, osaiwala kuti pulogalamu yoyendetsa masitepe ija nayonso imalakwitsa pang'ono pa sitepe iliyonse, ndipo zolakwika zakezo zimakula mofanana. Ngati pulogalamuyo yauzidwa kusunga madijiti asanu ndi atatu okha, chitsulo cha mamita awiri chatha kale. Zizindikiro zina zimaonekera pochita: kuwombera kumene sikufika kumapeto, kuphonya kumene kumalumpha kuchoka pamwamba kwambiri kupita pansi kwambiri ngakhale wasintha dijiti yomalizira yokha, kapena yankho limene limasinthiratu ukangochepetsa masitepe.

Mankhwala ake anafalitsidwa mu 1962 ndi akatswiri atatu ku America, Morrison, Riley ndi Zancanaro, ndipo Herbert Keller anawalongosola mwakuya m'buku lake la mu 1968. Ganizo lake ndi lapafupi. Ngati cholakwika chimakula ndi mtunda, musachipatse mtunda. Dulani ulendo wonse m'zigawo zifupizifupi, ndipo pachiyambi pa chigawo chilichonse muwombere mwatsopano.

Tibwerere ku chitsulo cha mamita anayi. Tichidule, papepala, m'zigawo 20 za masentimita 20. Pachiyambi pa chigawo chilichonse tiyerekeze manambala awiri, kutentha ndi katsikidwe kake, zonse pamodzi manambala 40. Chigawo chilichonse chiwombedwe pachokha, osadalira kumene chinzake chafika. Poyamba chithunzi chimatuluka chodukaduka: chigawo choyamba chimathera pa madigiri ena, chachiwiri chimayambira pa ena, pakati pali mpata. Ntchito yatsala ndi kutseka mipatayo. Pali malo olumikizira 19, ndipo pa aliwonse kutentha kuyenera kufanana, katsikidwenso kayenera kufanana, zimene zikupereka maikweshoni 38. Kuwonjezerapo madigiri 100 a kumoto ndi 0 wa kumadzi, maikweshoni akwana 40, mofanana ndi manambala osadziwikawo. Njira ya Newton imawakonza onse 40 nthawi imodzi, ndipo pa lamulo lowongoka ngati ili imamaliza pa ulendo umodzi.

Phindu lake likuoneka pa nambala imodzi. Pa masentimita 20, yankho lokula lija limangokula ka 7.4. Palibe chigawo chimene chimataya ngakhale dijiti imodzi yathunthu, pamene kuwombera kumodzi kunataya 17. Mfundo ya kumadzi ija tsopano ili m'gulu limodzi ndi zina zonse, ndipo imagwira chigawo chomaliza, chomalizacho n'kugwira choyandikana nacho, mpaka kumoto.

Phindu lachiwiri anthu salitchula kawirikawiri, koma pa malamulo osawongoka mwina ndilo lalikulu. Injiniya nthawi zambiri amadziwa maonekedwe a yankho ngakhale sadziwa manambala ake. Amadziwa kuti chitsulo chizizira msanga pafupi ndi moto, amadziwa kuti pa funso la Troesch mzerewo ukhala pakati pa 0 ndi 1. Kuwombera kumodzi kulibe polowetsera nzeru zimenezi, kumangolandira nambala imodzi yapachiyambi. Kuwombera m'zigawo kumalandira chithunzi chonse, pakuti pa malo aliwonse olumikizira munthu amaikapo zimene akuganiza. Ndipo popeza zigawozo ndi zazifupi, chipolopolo sichikhala ndi mpata wophulika chisanafike. Pa funso la Troesch zigawo zimayenera kuthinana pafupi ndi mapeto, kumene mzerewo umakwera mwadzidzidzi, pamene kuchiyambi zikhoza kutalikirana. Mapulogalamu abwino amaika okha malo olumikizira atsopano akaona kuti yankho lakula kupitirira malire amene apatsidwa.

Njira imeneyi inakula msinkhu ku Germany. Roland Bulirsch ndi anzake anaigwiritsa ntchito pa mafunso a maulendo a m'mlengalenga, ndipo m'buku limene analemba ndi Josef Stoer muli chitsanzo cha chombo chonga cha Apollo chikubwerera mumpweya wa dziko lapansi, kumene njira yolowera iyenera kusankhidwa kuti chombocho chisatenthe mopitirira. Mu 1984 Hans Georg Bock ndi Karl-Josef Plitt anasintha ganizo lomweli kuti lizigwira ntchito posankha kayendetsedwe kabwino ka makina, ndipo lero limapezeka m'mapulogalamu oyendetsa maloboti ndi mafakitale a mankhwala. Zinathandizanso kuti zigawozo sizidikirana, choncho kompyuta ya mapurosesa ambiri ikhoza kuziwerengera nthawi imodzi.

Zaulere palibe. Manambala osadziwika achuluka kuchoka pa imodzi kufika pa 40, ndipo pa funso la manambala khumi pa malo aliwonse ndi zigawo zana amafika chikwi. Mwayi wake ndi wakuti ikweshoni iliyonse imangokhudza zigawo ziwiri zoyandikana, choncho kuwerengera sikulemera monga mmene chiwerengerocho chikuopsezera. Koma pali msampha umene umakola ngakhale odziwa. Pofuna kufulumira, munthu akhoza kuchotsa manambala apakati amodziamodzi, kulowetsa chigawo choyamba m'chachiwiri, chachiwiri m'chachitatu, mpaka kutsala ndi ikweshoni yaing'ono. Potero wachulukitsa ma 7.4 onse 20 aja, ndipo nambala yoopsa ija yabwerera kudzera kukhomo lakuseri. Maikweshoniwo ayenera kuthetsedwa ndi njira yosankha bwino nambala yogawira pa sitepe iliyonse, kapena ina yosalola kukula kotere.

Palinso matenda amene kudula zigawo sikuchiza, chifukwa ndi a funso lenilenilo. Funso la mbali ziwiri likhoza kukhala ndi mayankho angapo. Chitsanzo chodziwika ndi `y'' = 1.5 y²`, choyambira pa 4 n'kuthera pa 1 pa mtunda wa 1. Katsikidwe kapachiyambi ka 8 kamalasa, koma ka pafupifupi 35.9 nakonso kamalasa, kudzera njira ina yotsikira pansi kwambiri n'kukweranso. Kompyuta imapereka yankho limene yapeza ndipo sinena kuti kuli linanso. Funso lina likhoza kukhala lopanda yankho. Pa `y'' = -y`, kuyambira pa 0, chipolopolo chilichonse chimagwera pa 0 pa mtunda wa `π`, kaya chawombedwa motani. Wofuna kuti chigwere pa 1 pamenepo akupempha zosatheka, adule zigawo ziwiri kapena chikwi. Chizindikiro chake ndi chotsutsana ndi cha chitsulo chija: kusintha chiyambi sikusuntha mapeto ngakhale pang'ono.

Ndipo zigawo zikamafunika mazanamazana, monga pamene yankho likusintha mwadzidzidzi pa kamtunda kochepetsetsa, ndi bwino kusiya kuwombera n'kutenga njira zimene zimaika mfundo zambiri pa ulendo wonse n'kuzithetsa pamodzi kuyambira pachiyambi. Pulogalamu ya `solve_bvp` ya mu SciPy ndi ya `bvp4c` ya mu MATLAB zimagwira ntchito motero, ndipo zonse ziwiri zimapempha chinthu chomwe chija, chithunzi choyerekeza cha yankho lonse.

Kwa wophunzira kapena injiniya amene ali ndi funso lotere pa desiki, dongosolo labwino ndi kuyamba ndi kuwombera kumodzi, pakuti n'kosavuta, koma asakhulupirire yankho asanawombere kachiwiri ndi nambala yosiyana pang'ono n'kuona kuti mapeto asuntha motani. Kukula kwake kukakhala m'makumi kapena m'mazana, apitirize. Kukafika m'mamiliyoni, kapena chipolopolo chikamaphulikira panjira, adule ulendowo m'zigawo zoti pa chilichonse cholakwika chisakule kupitirira kakhumi kapena kazana. Pa chitsulo cha mamilimita 10 chija, zimenezo zikutanthauza zigawo zosapitirira masentimita 46.